Kusaka tsiku limene pulogalamu inathyoka: mmene git bisect imagwirira ntchito

Foni inalira Lachinayi madzulo, nditayamba kale kulongedza. Anali mayi amene amalemba za chuma pa kopaletivi ina ya alimi a mtedza, komwe ine ndi anzanga awiri tinawalembera pulogalamu yosindikiza malisiti. Sanachedwe ndi moni wautali.

"Achimwene, kompyuta yanu yayamba kulankhula malilime. Pamene pamayenera kukhala dzina la dziko lathu pali zilembo zachilendo. Bwerani mudzaone nokha."

Ananditumizira chithunzi. Pa lisiti, mawu akuti Malaŵi anatuluka chonchi: `MalaÅµi`. Mayina ena a alimi ochokera kumpoto, amene ali ndi chilembo cha ŵ, nawonso anali atapindika chimodzimodzi. Nditawafunsa kuti zinayamba liti, anayankha monga amayankhira aliyense amene amagwiritsa ntchito pulogalamu: "Kale zinali bwinobwino." Kale lake liti, sanakumbuke. Ambiri masiku ano salembanso kadenga pamwamba pa w, choncho vutoli likanatha kukhala miyezi osaonedwa ndi munthu.

Chimene tinkadziwa motsimikiza chinali chimodzi. Mtundu wa pulogalamu umene tinapereka chaka chapitacho, umene tinautcha `v1.4`, unkasindikiza bwino, chifukwa malisiti a nthawi imeneyo anali m'faelo, olembedwa molongosoka. Pakati pa mtundu umenewo ndi umene unalipo tsikulo, atatufe tinali titasintha pulogalamuyo maulendo 412. Ulendo umodzi mwa amenewo ndi umene unaswa chilembo chathu. Koma uti?

Olemba mapulogalamu ambiri amasunga ntchito yawo ndi chida chotchedwa Git. Anachiyambitsa Linus Torvalds mu 2005 pofuna kusamalira ntchito ya Linux, pulogalamu yaikulu imene anthu ambirimbiri m'mayiko osiyanasiyana amalembera limodzi. M'chaka chomwecho anapereka udindo wochiyang'anira kwa Junio Hamano. Git ili ngati kaundula. Munthu akasintha zina mu pulogalamu n'kukhutira nazo, amalemba lamulo lakuti `git commit`, ndipo Git imajambula mmene mafaelo onse alili pa nthawiyo, n'kulemba dzina la wosinthayo, tsiku, ndi mawu ochepa ofotokoza chimene wachita. Chithunzi chimenechi timachitchula kuti komiti, ndipo musasokoneze ndi komiti ya pa chitsime kapena ya kutchalitchi: ino ilibe tcheyamani kapena msungichuma. Komiti iliyonse imadziwa komiti imene inaitsogolera, ngati mwana wodziwa kholo lake, ndipo imakhala ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala osakanikirana. Ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuuza Git kuti ibwezere mafaelo onse mmene analili pa komiti ina iliyonse yakale, muyendetse pulogalamuyo monga inalili tsiku limenelo, kenako mubwerere kwa lero.

Ndiye munthu akhoza kunena kuti basi, yesani makomiti onse 412 mmodzimmodzi. Tiwerengere. Kubwezera mafaelo, kulowetsa mayina, kusindikiza lisiti ndi kuliyang'ana kunkanditengera mphindi ngati 3. Kuchita zimenezi maulendo 412 ndi maola oposa 20. Njira ina ndi yowerenga mawu ofotokoza komiti iliyonse n'kuganizira yokayikitsa. Ndinayesa kwa theka la ola. Ndinapeza mawu ngati "zakonzedwa", "zina ndi zina", "tiyesenso", ndipo ambiri mwa mawu opanda pakewo ndinalemba ndine.

Thumba la mtedza pa msewu wa M1

Tiyerekeze kuti mwakweza thumba la mtedza pa lole ku Lilongwe lili losoka bwino, koma lafika ku Blantyre litang'ambika. Dalaivala ndi munthu wosamala, ndipo paliponse pamene anaima anajambula katundu wake: Nathenje, Dedza, Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Phalula, Zalewa, Lirangwe, Lunzu. Kutsegula chithunzi chilichonse kukudya mayunitsi. Muyamba ndi chiti?

Wanzeru sayambira pa Nathenje. Amatsegula cha pakati, cha pa Chingeni. Ngati thumba likuoneka long'ambika kale, zithunzi zonse za kutsogolo, kuyambira Phalula mpaka Lunzu, zilibenso ntchito, chifukwa ngoziyo inachitika lole isanafike kumeneko. Ngati lili bwino, ndiye za kumbuyo zonse zatayidwa. Mulimonse mmene yankho lingakhalire, theka la msewu lachoka ndi chithunzi chimodzi. Pa theka lotsalalo achitanso chimodzimodzi, adule pakati, mpaka patatsala malo awiri oyandikana, amodzi thumba lili bwino, enawo litang'ambika.

Kusaka modula pakati kumeneku mphamvu yake imaoneka zinthu zikachuluka. Pa makomiti 1,000 mumayesa pafupifupi ka 10 basi, chifukwa 1,000 mukamaidula pakati imatsika kukhala 500, 250, 125, mpaka kufika pa 1 pa ulendo wa 10. Makomiti akawonjezeka kawiri, ntchito yanu imangowonjezeka ndi kuyesa kumodzi. Pa makomiti 1,000,000 ndi ka 20. N'chifukwa chake chida chimenechi chimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa Linux, kumene pakati pa mtundu umodzi ndi wotsatira pamalowa makomiti oposa 10,000. Munthu amene kompyuta yake yasiya kumveka mawu atalandira Linux yatsopano, ngakhale asadziwe mkati mwake, akhoza kuyesa ka 14 n'kuuza akatswiri kuti vuto linalowa ndi komiti yakutiyakuti.

Lamulo la `git bisect` ndi limene limakuchitirani masamu a kudula pakatiwo. Ilo silidziwa vuto lanu, ndipo silingathe kusiyanitsa lisiti labwino ndi loipa. Ntchito yake ndi kukusankhirani komiti yoti muyese, kusunga mayankho anu, ndi kuchotsa makomiti amene ayeretsedwa. Woweruza ndinu.

Kuyamba kwake ndi mizere itatu. Mumaiuza kuti kusaka kwayamba, kuti pamene muli panopa ndi poipa, ndi kuti pa mtundu wakale uja panali pabwino:

```
git bisect start
git bisect bad
git bisect good v1.4
```

Musanalembe zimenezi, onetsetsani kuti mulibe zosintha zimene simunazisunge, chifukwa Git iyamba kusinthasintha mafaelo anu ndipo ikhoza kukana ngati ingaone kuti ikuwonongerani ntchito. Kwa ine inayankha motere:

```
Bisecting: 205 revisions left to test after this (roughly 8 steps)
```

Apa ikunena kuti yandiika pa komiti ya pakati, ndipo ndikayesa imeneyi patsala maulendo pafupifupi 8. Mafaelo a pa kompyuta yanga anali atabwerera mmene analili miyezi ingapo m'mbuyomo. Ndinayendetsa pulogalamu, kusindikiza lisiti, kuona zilembo zopindika zija, n'kulemba `git bisect bad`. Git inandiponya pa komiti ina. Ndinayesanso: zoipa. Inanso: zoipa. Ndinapitiriza choncho, mtima uli m'malo, mpaka inandipatsa chigamulo chake, mzere wothera ndi mawu akuti `is the first bad commit`.

Komiti imene inalozedwayo inali yoyamba yeniyeni pambuyo pa `v1.4`. Nditaitsegula ndinapeza kuti inangosintha mtundu wa batani, kuchoka pa lobiriwira kupita pa lofiirira. Batani lingaswe bwanji chilembo?

Pamene ndinanamiza chida

Git sinalakwitse. Ndinainamiza ndine, osadziwa. Pulogalamu yathu ili ndi mbali ziwiri: yoyamba imawerenga mayina a alimi kuchokera mu faelo n'kuwasunga mu nkhokwe, yachiwiri imatenga mayina mu nkhokwemo n'kusindikiza. Poyesa, ndinkagwiritsa ntchito nkhokwe imene ndinakopera kwa mayi aja, momwe mayina anali atawonongeka kale. Git imabwezera m'mbuyo mafaelo okhawo amene imawayang'anira, ndipo nkhokweyo sinali m'gulu limenelo. Choncho pulogalamu yakale, yopanda tchimo, inkangotenga mayina owola n'kuwasindikiza mokhulupirika mmene yawapezera. Ine n'kumalemba kuti yaipa.

Panali chizindikiro chimene ndinayenera kuchiona msanga: mayankho onse anali a mbali imodzi. Zimatheka kuti vuto likhaledi pa komiti yoyamba, koma mukaona mukungolemba `bad` kasanu motsatizana, imani kaye mudzifunse. Kulakwa kwanga kwenikweni kunali koyambirira: ndinauza Git kuti `v1.4` ndi yabwino chifukwa cha malisiti akale a m'faelo, osati chifukwa ndinaiyesa ndekha tsikulo. Ndikanayamba ndi kuyesa `v1.4` ndi njira yomweyo, ikanatulutsanso zilembo zopindika, ndipo ndikanadziwa pompo kuti sikelo yanga ndi yokhota. Wogula mtedza amayamba wayesa sikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Musanayambe kusaka, yesani mbali zonse ziwiri: pabwino patulukedi zabwino, poipa patulukedi zoipa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kudula pakati n'kwachangu chifukwa sikubwerera m'mbuyo. Yankho lililonse limataya theka la makomiti, ndipo Git sidzawayang'ananso. Mukayankha molakwa kamodzi kokha, wolakwa weniweni amapita ndi theka lotayidwalo, koma Git ipitirizabe modekha mpaka ikupatseni dzina la komiti ina, popanda chenjezo lililonse. Liwiro lake ndi lomwelonso limene limachititsa kuti bodza limodzi liwononge ulendo wonse.

Ndinalemba `git bisect reset`, lamulo limene limathetsa kusaka n'kukubwezerani pamene munali musanayambe. Kenako ndinakonza faelo yaing'ono ya mayina atatu, limodzi lili ndi mawu akuti Malaŵi, ndipo ndinapangana ndi mtima wanga kuti pa komiti iliyonse ndizifafaniza nkhokwe, kulowetsa mayinawo mwatsopano, kenako kusindikiza. Ndinayesa `v1.4`: chilembo chinatuluka chili ndi kadenga kake. Ndinayesa ya lero: chopindika. Tsopano sikelo inali yowongoka.

Kuti tione bwino ulendo wachiwiri, ndiwapatsa makomitiwo manambala kuyambira 1 mpaka 412, ngakhale Git yokha imawatchula ndi zilembo zake zija. Inayamba kundiika pa 206, ndipo lisiti linali loipa. Makomiti onse kuyambira 207 kupita m'tsogolo anachoka. Kenako 103: labwino. Aka kanali koyamba kulemba `git bisect good` pa komiti yapakati, ndipo ndinapuma mpweya wabwino. Wolakwa tsopano anali pakati pa 104 ndi 206. Pa 154 linali loipa, n'kutsala makomiti 51.

Pa 129 pulogalamu inakana ngakhale kudzuka. Mnzanga wina anasunga ntchito ili pakati, faelo ina ikuitana chinthu chimene anali asanachilembe, ndipo anamaliza mawa lake mu komiti ina. Apa pali msampha umene ambiri amagweramo. Pulogalamu yafa, ndiye dzanja limathamangira kulemba `bad`. Koma funso lathu silakuti kodi komiti iyi ili ndi vuto lina lililonse. Funso ndi lakuti kodi chilembo cha ŵ chikupindika. Pa komiti imene sikudzuka, yankho loona ndi lakuti sindingadziwe, ndipo Git ili ndi mawu ake a yankho limeneli:

```
git bisect skip
```

Ikalandira zimenezi imakusankhirani komiti ina chapafupi. Inandipatsa 133, labwino. Kenako 144, loipa. 138, labwino. 141, loipa. 140, labwino. Pamenepo panalibenso kothawira: 140 ili bwino, 141 yaipa. Maulendo 9 onse pamodzi, kuphatikizapo wodumphidwa uja, osakwana theka la ola.

Kudumpha kuli ndi mtengo wake. Kukanakhala kuti makomiti osadzukawo ndi oyandikana ndi wolakwayo, Git sikanatha kuloza mmodzi. Ikanangopereka mndandanda n'kunena kuti wolakwa ali mwa awa, kwinako muone nokha. Gulu limene limasunga makomiti othyoka kawirikawiri limadzitchera lokha msampha umenewu.

Chimene chinali mu komiti 141

Lamulo la `git show` limaonetsa chimene komiti inasintha. Mwa mizere yochepa imene inasinthidwa, wofunika unali umodzi:

```
-    with open(njira, encoding="utf-8") as f:
+    with open(njira, encoding="latin-1") as f:
```

Mzere woyamba ndi wochotsedwa, wachiwiri ndi wolowa m'malo mwake. Kompyuta sisunga zilembo, imasunga manambala otchedwa mabaiti, ndipo pamafunika pangano lonena kuti nambala yakuti ikuimira chilembo chakuti. M'pangano la `utf-8`, limene limakwanitsa zilembo za zinenero pafupifupi zonse, ŵ amalembedwa ndi mabaiti awiri, `C5` ndi `B5`. Pangano la `latin-1` ndi lakale, lopangidwira zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, ndipo limawerenga baiti iliyonse payokha ngati chilembo chimodzi. Likaona `C5` limati ndi `Å`, likaona `B5` limati ndi `µ`. Malilime a mayi aja ndi amenewo. Zilembo wamba kuyambira a mpaka z zimalembedwa mofanana m'mapangano onse awiri, n'chifukwa chake mayina ena onse ankaoneka bwino.

Mnzanga amene anasintha mzerewu sanachite mwa chibwana, ndipo mawu a komiti yake anafotokoza chifukwa. Tsiku lina kopaletivi inalandira faelo yosungidwa ndi Excel, muli dzina la wogula wa ku Mozambique lokhala ndi chilembo cha ã. Faeloyo sinali ya `utf-8`, ndipo pulogalamu inagwa ndi uthenga wakuti `UnicodeDecodeError` alimi ali pa mzere kudikira malisiti. Iye anapeza kuti `latin-1` imathetsa kugwako. Zoona imathetsa, chifukwa pangano limeneli silikana baiti ina iliyonse: chilichonse mungalipatse limachimeza n'kutulutsa chilembo, cholondola kapena ayi. Vuto laphokoso linasanduka vuto lachete.

Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu ena amatenga `git bisect` ngati ula wopezera mfiti. Dzina la wolemba likangotuluka pa sikirini, chala chaloza kale. Koma chidachi chimangonena pamene khalidwe la pulogalamu linasinthira. Sichinena chifukwa chake, ndipo sichinena mankhwala. Tikanangobweza komiti 141 ndi `git revert`, chilembo chathu chikanachira koma kugwa kuja kukanabwerera pa faelo yotsatira ya Excel. Nthawi zinanso komiti yolozedwayo imakhala yolondola ndithu, kungoti yavundukula cholakwika chimene chinagona kwina kwa zaka. Ife tinabwerera ku `utf-8`, tinaphunzitsa pulogalamu kukana mwaulemu faelo ya pangano lina m'malo mongogwa, ndipo tinapempha mayi aja kuti posunga mu Excel azisankha `CSV UTF-8`. Mafaelo otere Excel imawaika kachizindikiro kobisika koyambirira, choncho mu pulogalamu tinalemba `utf-8-sig` kuti kasalowe m'dzina la mlimi woyamba.

Ndisanakhulupirire chigamulocho ndinachita chimene ndinalephera ulendo woyamba. Ndinayesanso 141 ndi kholo lake 140, kenako ndinasintha mzere umodzi uja pa pulogalamu ya lero n'kuona kuti vuto latha. Ndipo funso lina limene limathandiza ndi losavuta: kodi chimene komiti iyi inasintha chikugwirizana ndi vuto limene ndikuliona? Batani silinkagwirizana. Mzere wowerenga faelo unkagwirizana.

Kusiyira kompyuta ntchito yotopetsa

Kuyesa ndi manja ka 9 n'kopiririka, koma munthu wotopa amalakwitsa, ndipo taona mtengo wa yankho limodzi lolakwa. Ngati dzanja laterereka n'kulemba `good` pofuna kulemba `bad`, pali pothawira: `git bisect log` imatulutsa mayankho onse amene mwapereka. Mumawasunga mu faelo, kufufuta mzere wolakwikawo ndi yonse yotsatira, kulemba `git bisect reset`, kenako `git bisect replay` ndi dzina la faeloyo, ndipo mumapitiriza kuchokera pamene zinali zoona. Koma njira yabwino koposa ndi kulemba kuyesako ngati kapulogalamu kakang'ono, kuti funso lizifunsidwa mofanana pa komiti iliyonse. Kathu kakanaoneka chonchi:

```
#!/bin/sh
rm -f /tmp/yesa.db
python3 malisiti.py lowetsa /tmp/mayina.csv /tmp/yesa.db || exit 125
python3 malisiti.py sindikiza /tmp/yesa.db | grep -q "Malaŵi"
```

Mzere wa `rm` ukufafaniza nkhokwe yakale, phunziro limene ndinalilipira ndi ola lathunthu. Wotsatira ukulowetsa mayina, ndipo zikakanika kapulogalamuka kakutuluka ndi nambala 125. Womaliza ukusindikiza n'kufufuza ngati mawu akuti Malaŵi alimo olembedwa bwino. Pulogalamu iliyonse ikamaliza imasiya nambala yonena mmene yathera, ndipo Git imawerenga nambala imeneyo: 0 ndiye kuti komiti ndi yabwino, 125 ndiye kuti idumphe, nambala ina kuyambira 1 mpaka 127 ndiye kuti yaipa, ndipo yoposa pamenepo imaimitsa kusaka konse. Lamulo la `grep` limasiya 0 likapeza mawuwo ndi 1 likapanda kuwapeza, zomwe zikugwirizana ndendende ndi zimene Git ikufuna. Mukatchula pabwino ndi poipa monga poyamba paja, mumangolemba:

```
git bisect run sh /tmp/yesa.sh
```

Kenako mukhoza kukathira tiyi. Onani kuti kapulogalamuka ndi faelo ya mayina ndaziika ku `/tmp`, kunja kwa malo amene Git ikuyang'anira. Mukazisunga ngati gawo la pulogalamu, Git ikabwerera ku komiti yakale zimasowa, popeza tsiku limenelo kunalibe.

Pamene kudula pakati kumalephera

Tibwerere ku thumba lija. Njira yonseyi yatsamira pa chinthu chimodzi: thumba likang'ambika limakhala long'ambika mpaka ku Blantyre. Nanga ngati linang'ambika pa Dedza, wina n'kulisoka pa Ntcheu, n'kudzang'ambikanso pa Zalewa? Chithunzi cha pa Chingeni chionetsa thumba labwino, ndipo mudzapeza Zalewa osadziwa n'komwe za Dedza. Git nayo idzakupatsani malo amodzi pamene zabwino zinasanduka zoipa, koma sikulonjeza kuti ndi oyamba. Zimenezi zimachitika kwambiri mukasankha komiti yabwino ya kale kwambiri, kapena funso lanu likakhala lotakata moti mavuto awiri osiyana akuoneka ngati amodzi. Funso lakuti "kodi lisiti lili bwino?" ndi lotayirira. Lakuti "kodi ŵ akutuluka bwino pa dzina limene ndangolowetsa kumene?" ndi lomangika.

Choopsa kwambiri ndi vuto lobwera mwa apo ndi apo, limene limaoneka kamodzi pa maulendo 10. Pa vuto lotere, kuona zoipa ndi umboni wokwanira, koma kuona zabwino si umboni, mwina langobisala ulendo umenewo. Mankhwala ake ndi kubwereza kuyesa kambirimbiri musanalembe `good`, ndipo apa kapulogalamu koyesa kamakhala kofunika zedi, chifukwa palibe munthu angapirire kuyesa ka 50 pa komiti iliyonse.

Palinso mavuto amene sali mu kaundula n'komwe. Ngati chasintha ndi Python ya pa kompyuta, kapena makina osindikizira, kapena mafaelo amene anthu akutumiza, komiti iliyonse idzaoneka yoipa, ngakhale imene mukudziwa kuti inkagwira ntchito chaka chatha. Kuyesa mbali yabwino poyambirira kumakuuzani zimenezi m'mphindi zochepa, musanataye tsiku.

Pa ntchito ya anthu ambiri, mbiri ya makomiti si msewu umodzi wowongoka. Anthu amapatuka pa nthambi zawo n'kudzalumikiza ntchito pambuyo pake. Git imadziwa kuyenda m'mphanda zoterezi, imasankha komiti imene ikugawa otsalawo pafupifupi pakati, choncho musadabwe ikakuikani pa nthambi ya munthu wina imene simunaionepo. Kuyambira mu 2020, ndi Git 2.29, mukhoza kuyamba ndi `git bisect start --first-parent` kuti iziyenda pa msewu waukulu wokha n'kukuuzani nthambi imene inabweretsa vuto. Ndipo ngati mukusaka kusintha kumene si vuto, monga tsiku limene chinthu china chinakonzeka, mawu akuti `old` ndi `new` amagwira ntchito m'malo mwa `good` ndi `bad`, kuti mutu usazungulire.

Malire omaliza timadziikira tokha. Komiti 141 inali ya mizere yochepa, n'chifukwa chake nditangoitsegula diso linagwera pa wolakwa. Pafupi nayo panali komiti yanga imene inasintha mafaelo 30 nthawi imodzi, ntchito ya sabata yathunthu, pansi pa mawu akuti "zina ndi zina". Vuto likanakhala mmenemo, Git ikanandifikitsa pakhomo n'kundisiya ndi mtolo wonse kuti ndiumasule ndi manja. Chidachi sichingadule komiti pakati. Kuyambira tsiku limenelo tinagwirizana atatufe kuti komiti izichita chinthu chimodzi, izisiya pulogalamu ikudzuka, ndipo izinena chifukwa chake.

Kupeza mzere wolakwika sikunachiritse mayina amene anali atalowa kale mu nkhokwe ali opindika. Koma tsiku la komiti 141 linatiuza poyambira: faelo iliyonse imene inalowetsedwa mtundu umenewo utafika ku kopaletivi inayenera kulowetsedwanso. Ntchito imeneyo tinaigwira Loweruka, ine ndi mayi aja, ndipo inatenga nthawi yaitali kuposa kusaka konse.